Mmene mungagulire khadi la galafikisi la kaunjika osabetsa ndalama

Anthu ambiri amagula khadi la galafikisi logwirapo kale ntchito atangoona zithunzi ziwiri pafoni komanso mawu a wogulitsa akuti "lili bwinobwino, ndangolisiya chifukwa ndagula lina". Akafika nalo kunyumba limayaka ndithu, koma gemu ikangoyamba kulemera, sikirini imada, kapena fani imayamba kulira, kapena zimadziwika kuti dzina lolembedwa pamwamba si la chipu chimene chili mkatimo. Khadi lodwala silionetsa matenda ake likadali lozizira. Muyenera kuliona likugwira ntchito yolemetsa, litatentha, kwa theka la ola, ndalama zikadali m'thumba mwanu.

M'malangizowa ndigwiritsa ntchito RX 580 ya 8 GB ngati chitsanzo, chifukwa ndi khadi lopezeka kwambiri pa kaunjika, ndiponso mavuto onse atatu, kutopa, mafani ndi chinyengo, amakumana pa ilo. Njira yake ndi yomweyo pa makhadi ena.

## Zofunika kukhala nazo

- Kompyuta yoyeserapo yokhala ndi pawasapulayi yokwanira. Ikakhala yanu ndi bwino koposa.
- Fulashi yomwe mwaikamo kale mapulogalamu oyesera khadi a GPU-Z, FurMark, OCCT ndi MSI Afterburner, kuphatikizanso madalaiva otengedwa patsamba la AMD kapena NVIDIA lenilenilo. Onsewa ndi aulere. Koperani muli kunyumba, musadalire bandulo ya pamalo okumanirana.
- Waya wa HDMI, ndi wa DisplayPort ngati muli nawo.
- Tochi ya foni ndi sikuludalaiva.
- Pepala lomwe mwalembapo manambala enieni a khadi lomwe mukufunalo.
- Ola limodzi losathamangitsidwa, pa nthawi imene magetsi alipo.

## Musanachoke pakhomo

1. Onani ngati kompyuta yanu ingalinyamule. RX 580 imadya mawati pafupifupi 185, ndipo AMD imati pawasapulayi ikhale ya mawati 500. Pamazabodi pomwe khadi limalowa pamapereka mawati 75 okha, otsalawo amadzera pa waya wa mapini 8 wochokera ku pawasapulayi. Tsegulani bokosi, werengani sitika ya pawasapulayi, funani wayayo, ndipo yezani ndi lula ngati khadi likwana m'litali.

*Chenjezo:* makompyuta ang'onoang'ono a muofesi nthawi zambiri alibe waya umenewu. Musalole kuti wina akulumikizireni kuchokera pa waya wa SATA. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54, pomwe ya mapini 8 imanyamula 150. Kawayako kamatentha mpaka kusungunuka.

2. Lembani manambala a khadi lenileni. Pa RX 580 ya 8 GB, GPU-Z iyenera kuonetsa izi:

```
GPU:          Ellesmere
Shaders:      2304 Unified
Memory Type:  GDDR5
Memory Size:  8192 MB
Bus Width:    256 bit
Bandwidth:    256.0 GB/s
```

Manambala a khadi lina lililonse mungawapeze patsamba la kampani yake kapena la TechPowerUp, omwenso ndi eni ake a GPU-Z. Pa mizere yonseyi, umene muyenera kuuloweza ndi wa `Shaders`, nambala ya timagawo towerengera ta mkati mwa chipu. Dzina la khadi ndi losavuta kulisintha, koma nambala imeneyi imachokera ku chipu chenichenicho.

## Kusefa malonda abodza

3. Yang'anitsitsani zithunzi ndi mtengo. Fananizani malonda asanu kapena asanu ndi limodzi a khadi lomwelo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp kuti mudziwe pomwe mtengo ukuzungulira. Lomwe latsika mpaka theka la anzake, ndipo mwini wake akuti pali ena atatu akulifuna lero lomwe, lisiyeni. Chithunzi chowala ngati cha m'sitolo chiikeni mu Google Lens. Chikapezeka pamasamba akunja, ndiye kuti munthuyo alibe khadilo m'manja.

4. Pemphani umboni woti sangaube kwina. Mulembereni mwaulemu, mwachitsanzo: "Achimwene, khadili ndalikonda. Mungandijambulire kumbuyo kwake, sitika ya nambala ikuoneka, pambali pake muike kapepala kolemba tsiku la lero ndi dzina langa?" Munthu yemwe alidi ndi katundu sachedwa kuchita zimenezi. Mufunseninso kuti wakhala nalo nthawi yaitali bwanji, analigula kuti, linatsegulidwapo, ndiponso ngati linagwirapo ntchito ya mayiningi, ija yokumba ndalama za pa intaneti usana ndi usiku. Sungani mayankho akewo, chifukwa mudzawafananiza ndi zomwe maso anu adzaone.

*Chenjezo:* musatumize ndalama iliyonse pa Airtel Money kapena Mpamba, kaya akuti ndi ya thiransipoti, kaya yosungitsira. Akuba ambiri safuna mtengo wonse wa khadi, amakhutira ndi kandalama koyambako kuchokera kwa anthu khumi. Ngati khadi lili ku Lilongwe inu muli ku Mzuzu, pezani m'bale kapena mnzanu wodziwa makompyuta akaliyese, alipire yekha, aliike pa basi yekha.

5. Dziwani mitundu iwiri ya makhadi onamizira. Woyamba ndi khadi lakale lovekedwa dzina latsopano. Lodziwika kwambiri ndi GTX 1050 Ti yabodza, yomwe mkati mwake mumakhala GTS 450 ya mu 2010. Yeniyeni, ya mu 2016, imaonetsa `Shaders` 768, yabodzayi imaonetsa 192. Mungaizindikire ngakhale pachithunzi: imakhala ndi bowo la VGA, lija la mapini 15, chonsecho chipu cha GTX 1050 Ti sichitulutsa chithunzi cha mtundu umenewo. Kawirikawiri imabwera ndi kachimbale ka madalaiva akeake, chifukwa a NVIDIA atsopano amaikana. Imati ili ndi 4 GB pomwe nthawi zambiri ili ndi 1 GB yokha, choncho gemu ikangodutsa pamenepo imazima.

Wachiwiri ndi wonyenga mochenjera. Mu 2018 AMD inatulutsira msika wa ku China khadi lotchedwa RX 580 2048SP. Ngakhale dzina lili choncho, lili ndi `Shaders` 2048 ngati RX 570, ndipo mphamvu zake n'zofanana ndi za RX 570. Ogulitsa ena amachotsa mawu omalizawo n'kungolemba RX 580. Komanso ambiri mwa makhadi amenewa omwe amagulitsidwa ngati atsopano, okhala ndi mayina a makampani osadziwika, amapangidwa ndi machipu ochotsedwa m'makhadi akale. Khadili limaseweretsa magemu ndithu, ndipo ine sindikuti musaligule. Ndikuti mulipire mtengo wa RX 570, mukudziwa chimene mwagula.

## Khadi lili m'manja, lisanayatsidwe

6. Liunikeni ndi tochi mbali zonse. Yambani ndi sitika ya nambala, ifanane ndi ya pachithunzi chija. Kenako nunkhizani. Fungo la pulasitiki wopsa silichoka msanga. Onani pulagi yolowera magetsi ngati ili ndi mapini akuda kapena pulasitiki wosungunuka. Onani mano agolide a m'munsi: timizere ta kulowetsa ndi kutulutsa si vuto, koma dzino lothyoka kapena lopserera ndi chifukwa chokwanira chobwerera.

Tembenuzani kumbuyo. Pa masikuluu anayi ozungulira chipu, imodzi imakhala ndi kasitika. Kakakhala koboola kapena mitu ya masikuluu itadyeka, khadi linatsegulidwapo. Kutsegula pakokha si tchimo, chifukwa khadi la mu 2017 liyenera kuti linasinthidwapo phesiti, phala lopaka pakati pa chipu ndi chitsulo choziziritsa. Koma ngati mwini wake anati silinatsegulidwepo, mwadziwa kuti mawu ake ena onse ndi ofunika kuwakayikira.

Zinthu zitatu izi zikupangitseni kubweza khadi osaliyatsa n'komwe. Choyamba ndi dzimbiri pa chitsulo cha kumabowo kapena pa masikuluu, pamodzi ndi zoyera ngati mchere pa bolodi, zomwe zimasonyeza chinyezi kapena kuti linatsukidwa ndi madzi. Chachiwiri ndi bolodi lomwe lachita chikasu kapena khofi pakati penipeni kumbuyo kwa chipu, makamaka pakakhala zomatamata zonga utomoni, sitika itapindika ndi moto. Pamenepo wina anawotcha chipu ndi mpweya wotentha kuti khadi lakufa lidzukeko. Lotere limatha kugwira masabata angapo kenako n'kufanso, ndipo tsiku loyesera likhoza kupambana mayeso onse. Chachitatu ndi bolodi lopindika moonekeratu mukaliyang'ana cham'mbali.

Timafuta tonyezimira kumbuyo kwa bolodi, pafupi ndi memole, timatuluka m'mapadi oziziritsira akakhala pa moto nthawi yaitali. Timafutati sitiwononga kanthu, koma timasonyeza kuti khadi lagwira ntchito yambiri.

7. Zunguzani mafani ndi chala. Apa m'pomwe khadi lotopa limaululika kwambiri, chifukwa fani ndiye chinthu chokhacho choyenda pa khadi lonse. Kankhani iliyonse pang'ono ndipo muyang'ane. Yabwino imazungulira mofewa, mwakachetechete, n'kuima pang'onopang'ono. Mafani awiri okankhidwa mofanana ayenera kuima pafupifupi nthawi imodzi. Ina ikaima msanga kwambiri, kapena mukamva ikukhula, bering'i yake yauma. Ikani chala pakati pa fani n'kuigwedeza modekha. Kuyenda pang'ono kulowa ndi kutuluka n'kwachibadwa, koma ikamapendekera uku ndi uku yatha. Werengani mapiko, palibe lothyoka kapena lomatidwa ndi guluu, chifukwa phiko limodzi likasowa fani imanjenjemera n'kudya bering'i. Unikaninso pakati pa zitsulo zopyapyala za pansi pa mafani. Fumbi louma limachoka ndi mpweya, koma lamafuta lomatirira, la utsi wa fodya kapena wa kukhitchini, limafuna kumasula khadi lonse.

## Kuliyatsa ndi kulitenthetsa

8. Ikani madalaiva anu, osati a wogulitsa. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, lowetsani khadi, lumikizani waya wa mapini 8, ndipo waya wa sikirini ulowe pa khadi, osati pa mazabodi. Ikani madalaiva a pafulashi yanu. Mukatha, dinani batani la Windows pamodzi ndi R n'kulemba:

```
devmgmt.msc
```

Pansi pa `Display adapters` dzina la khadi lioneke lopanda kachizindikiro kachikasu. Mukapeza `Code 43`, imani kaye. Pa RX 580 izi zimachitika kawirikawiri chifukwa a mayiningi anasintha BIOS, kapulogalamu ka mkati mwa khadi, kuti memole izithamanga mwa njira yawo, ndiye madalaiva a AMD akuikana. Pakompyuta ya wogulitsa simungazione, chifukwa iye anaika kale kapulogalamu kolambalala vutoli. N'chifukwa chake ndikulimbikira za kompyuta yanu. BIOS yoyamba itha kubwezeretsedwa, ndipo makhadi ena, monga Sapphire Nitro+, ali ndi kaswitchi m'mbali kosinthira ku BIOS yachiwiri. Koma `Code 43` imabweranso memole ikafa. Ntchito yobwezeretsayo ndi ya wogulitsa. Akonze, mudzayesenso.

9. Tsegulani GPU-Z n'kufananiza ndi pepala lanu. Yambani ndi `Shaders`. Mukaona 2048 m'malo mwa 2304, mwagwira 2048SP kapena RX 570. Pa makhadi ambiri abodza a NVIDIA, GPU-Z imalemba yokha `[FAKE]` kutsogolo kwa dzina. Dinani kachizindikiro ka funso pafupi ndi `Bus Interface` kuti khadi liyambe ntchito. Pa mazabodi yoyenera liyenera kufika pa `x16 3.0`. Likakakamira pa `x8` kapena `x4`, lizuleni, pukutani mano aja, yesaninso. Likapitiriza, pali njira zina zomwe zinafa.

10. Yendetsani mafani mwadala. Makhadi ambiri sazunguza mafani mpaka kutentha kutafika madigiri 50 kapena 60, choncho mafani oima poyamba asakuopseni. Mu MSI Afterburner chotsani `Auto` pa `Fan Speed`, ikani 30, kenako 60, kenako 100, paliponse mphindi imodzi. Tcherani khutu pafupi. Pa 100 phokoso likhala lalikulu, koma likhale la mphepo yokha. Kugogoda, kulira kwa chitsulo, kapena kulira kokwera ndi kutsika, ndi bering'i. Mavuto ambiri amamveka bwino pa 30, pomwe mphepo sinaphimbe kanthu, ndipo fani yofooka imalephera kunyamuka yokha pa liwiro lotsikali.

*Chenjezo:* musakhulupirire nambala ya `Fan Speed (RPM)` yokha. Pa makhadi ambiri imawerengedwa kuchokera ku fani imodzi, ina ikhoza kukhala itaima nambala ikuoneka bwino. Yang'anani ndi maso. Mukatha bwezerani `Auto`.

11. Litenthetseni ndi FurMark kwa mphindi 15. Siyani tsamba la `Sensors` la GPU-Z lotsegula pambali. Kutentha kuyenera kukwera mofulumira poyamba, kenako n'kukhazikika. Pa RX 580, kukhazikika pakati pa madigiri 70 ndi 80 n'kwabwino, ndipo m'chipinda chotentha cha mu Okutobala mungalolere pang'ono pamwamba pake. Kukadumpha 85 m'mphindi ziwiri zoyamba mafani akukuwa, phesiti inauma kapena chitsulo choziziritsa sichikukhudza bwino chipu. Yang'ananinso `GPU Clock`. FurMark imalemetsa kwambiri, choncho kutsika pang'ono kuchoka pa 1340 MHz si kwachilendo, koma kugwa mpaka manambala otsika kwambiri n'kumabwerera kukusonyeza khadi lomwe likudziteteza ku moto.

Maso anu akhale pasikirini. Timadontho tamitundu, timabokosi, mizere, kuthwanima, sikirini kuda kwa kamphindi, kapena kompyuta kuzima yokha, chilichonse mwa izi chikachitika kamodzi kokha, kugula kwathera pomwepo. Chokhacho choyenera kutsimikiza kaye ndi chakuti kuzimako sikukuchokera ku pawasapulayi yofooka. Kaphokoso koonda konga likhweru kochokera pa bolodi, komwe kamasintha gemu ikasintha, kamapezeka ngakhale pa makhadi atsopano ndipo si matenda.

12. Yesani memole payokha. Sitepe iyi ndi yomwe ambiri amaidumpha, chonsecho mayiningi a ndalama ya Ethereum, omwe anatha pa 15 Seputembala 2022, ankalemetsa memole kuposa chipu. FurMark imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka memole, ndiye khadi likhoza kuipambana bwinobwino pomwe kachipu kamodzi mwa tisanu ndi titatu ta memole kakudwala. Mu OCCT sankhani mayeso a `VRAM`, ikani pa 90 peresenti, asiyeni mphindi 15 khadi likadali lotentha. Zolakwa zikhale ziro. Ngakhale chimodzi chokha n'chokwanira kulikana, chifukwa kusintha memole kumafuna makina ndi luso lomwe okonza ambiri alibe. Mayeso omwewa amagwiranso khadi lonama kukula kwa memole.

13. Malizani ndi gemu ndi mabowo onse. Sewerani gemu yolemera yomwe mumaidziwa kwa mphindi 10. Kenako sunthani waya wa sikirini pa bowo lililonse lomwe mungathe. Makhadi ena opangidwira mayiningi ali ndi bowo limodzi la DVI, ena alibiretu.

## Kuwerenga zomwe mwapeza

Tiyerekeze kuti mwayesa RX 580 ndipo zatuluka motere. Kasitika ka pa sikuluu n'koboola, mwini wake anavomera kale kuti linali pa mayiningi. Dzimbiri palibe, bolodi silinasinthe mtundu. Madalaiva alowa popanda `Code 43`, `Shaders` ndi 2304. Fani yakumanja ikugogoda pa 30. FurMark yakhazikika pa madigiri 84, chithunzi chili choyera, OCCT yapereka ziro.

Khadi ili ndingaligule, koma motsitsa. Zomwe zili zolakwika, fani ndi phesiti, ndi zosinthika ndi sikuludalaiva. Zomwe sizisinthika, chipu ndi memole, zapambana. Fufuzani mtengo wa mafani awiri a mtundu womwewo, pogwiritsa ntchito nambala yolembedwa pa sitika ya kuseri kwa fani, onjezani wa phesiti, ndipo muchotse zonsezo pa mtengo. Kumbukirani kuti ngati mafaniwo ayenera kuitanitsidwa kunja mudikira masabata. Muuzeni mosabisa: "Bwana, khadi lanu ndi lamoyo, koma fani iyi mwaimva nokha. Tichotsepo ya mafani ndi phesiti, ndilitenga lero."

Tsopano tembenuzani. Khadi lina n'loyera ngati latsopano, mafani ali zii, kutentha ndi 72, koma OCCT yapeza zolakwa zitatu pa mphindi ya 9. Limeneli musaligule pa mtengo uliwonse.

Mayiningi paokha sapha khadi. Ambiri ankatsitsa magetsi a chipu kuti asunge ndalama, ndipo khadi lokhala pa kutentha kosasintha silivutika monga mmene anthu amaganizira. Chomwe chimatha ndi mafani, phesiti, mapadi, ndipo nthawi zina memole. Wogulitsa wovomera za mayiningi n'kukulolani kuyesa ndimamukhulupirira kuposa wolumbira kuti linali la magemu okha koma akukana FurMark.

14. Lipirani mwadongosolo. Khadi lichoke m'kompyuta n'kulowa m'chikwama chanu inu mukuona, nambala ya pa sitika muionenso. Lembani pa WhatsApp dzina la khadi, nambalayo, mtengo, ndi mgwirizano woti likavuta m'masiku atatu mubweza, iye ayankhe kuti wavomera. Kenako lipirani.

## Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

Kukhutira ndi vidiyo yotumizidwa. Vidiyo ikhoza kukhala ya khadi lina kapena ya chaka chatha. Ngati palibiretu njira yokumana, imbiranani pa vidiyo pompopompo, aonetse GPU-Z, kenako atembenuzire kamera m'bokosi.

Kuyesa mphindi ziwiri chifukwa cha manyazi. Ambiri amaopa kuoneka ngati akukayikira munthu. Nenani za ola lija musanakumane, kuti asadzadabwe. Magetsi akazima pakati pa mayeso, yambiraninso tsiku lina, musalipire theka.

Kukhulupirira bokosi ndi pulasitiki. RX 580 inatuluka mu 2017. Wina akamakuuzani kuti yake ndi yatsopano yosatsegula, yesani mofanana ndi ya kaunjika.

Kusayang'ana kukula kwa memole pa dzina. RX 580 ilipo ya 4 GB ndi ya 8 GB. GTX 1060 ilipo ya 3 GB ndi ya 6 GB, ndipo ya 3 GB ili ndi `Shaders` 1152 pomwe inayo ili ndi 1280.

Kugula khadi lamtengo wapatali lolembedwa kuti silinayesedwe. Pa makhadi ngati RTX 4090 apezekapo ena ochotsedwa chipu ndi memole, kunja akuoneka athunthu. Lopanda chithunzi pasikirini liwerengereni ngati lakufa.

Kuimba mlandu khadi pomwe vuto ndi madalaiva akale. Mukachoka ku NVIDIA kupita ku AMD, kapena kubwerera, chotsani madalaiva akale ndi Display Driver Uninstaller musanaike atsopano, ndipo mubwereze mayeso a FurMark ndi OCCT kunyumba masiku atatu aja asanathe.